Alembereni abwana lero, bonasi isanafike mu envulopu

Makampani ambiri a muno mu Chipata amalonjeza bonasi pakamwa. Manijala amasonkhanitsa antchito chaka chikamayamba, kapena sizoni ikamayandikira, n'kunena kuti, "Mukalimbikira chaka chino sitikuiwalani." Anthu amawomba m'manja n'kubwerera pa kauntala. Disembala akafika, wina amalandira malipiro a mwezi wathunthu, wina theka, wina osalandira ngakhale ngwee, ndipo palibe amene angafotokoze chimene chawasiyanitsa. Januwale yense amathera m'manong'onong'o: uja amakondedwa, uja ndi wa kwawo kwa abwana, uja amanyamula nkhani kupita nazo ku ofesi. Zina mwa izi zimakhala zoona, zina ayi, koma popeza palibe pepala loti munthu alozepo, zonse zimamveka zoona mofanana.

Ine ndikuti wantchito aliyense amene walonjezedwa bonasi alembere manijala wake uthenga waufupi, waulemu, wopempha kuti mfundo zowerengera bonasiyo zilembedwe. Alembe msanga, chaka chikadali ndi miyezi yoti munthu n'kusintha kagwiridwe kake ka ntchito. Ndipo uthengawo usafunse kuti "ndilandira zingati". Ufunse kuti "muwerengera potani". Funso loyambalo manijala angalikane mosavuta, chifukwa mwina nayenso sanadziwe kuti kampani ipeza zingati. Lachiwirili ndi lovuta kulikana, chifukwa amene walonjeza mphotho ya ntchito yabwino ayenera kuti akudziwa kale kuti ntchito yabwinoyo ndi yotani.

Kumudzi mlimi wanzeru sathira soya kapena mtedza wake pa sikelo ya venda asanaone kuti muvi uli pa ziro komanso asanamve mtengo wa kilo imodzi. Palibe amene amamutcha wamwano. Wantchito naye akupereka chaka chake chonse kuti chiyezedwe, ndipo kupempha kuona sikeloyo thumba lisanakwezedwe ndi nzeru yomweyo.

Tiyambe ndi zimene lamulo limanena, chifukwa ambiri amalemba uthenga wotere ali ndi mkwiyo wochokera pa kusamvetsa. Lamulo la ntchito la dziko lino la Zambia, Employment Code Act ya 2019, silikakamiza olemba ntchito onse kupereka bonasi. Pali ndalama zina zimene limazitchula ndi mawerengedwe ake omwe. Mwachitsanzo, munthu wa kontrakiti ya nthawi yoikika yopitirira chaka amayenera kulandira ndalama ya kumapeto kwa kontrakiti yosachepera 25 peresenti ya malipiro ake enieni a nthawi yonse imene wagwira. Imeneyo munthu angathe kuiwerengera yekha ndi pensulo. Bonasi sili choncho. Imakhala ngongole ya kampani ikalembedwa mu kontrakiti, m'buku la malamulo a pa ntchito, kapena m'pangano la kampani ndi yuniyoni. Ikangokhala mawu a pamsonkhano, kapena kontrakiti ikanena kuti kampani "ikhoza" kupereka bonasi malinga ndi mmene yaonera, munthu amene wamanidwa amafika ku ofesi ya zantchito chimanjamanja. Choncho musanalembere abwana, tsegulani kontrakiti yanu ndi kuona ngati palembedwa kuti kampani "idzapereka" kapena "ikhoza kupereka". Uthenga wanu udalira pamenepo.

Koma lamulo lomwelo silimusiya wantchito opanda poponda. Gawo 95 limafuna kuti pa kampani pakhale ndondomeko zolembedwa, ndipo zina mwa izo ndi ya kayezedwe ka ntchito ya munthu ndi ya kadandaulidwe. Gawo 5 limaletsa tsankho pa ntchito ndipo limafuna malipiro ofanana pa ntchito yolemera mofanana. Ngati kampani ikunena kuti bonasi imatengera mmene munthu wagwirira ntchito, ndiye kuti pali muyezo wa ntchitoyo, ndipo kupempha kuti muyezowo uoneke si chinthu chachilendo. Sindikulangiza kuti muike magawo a lamulo mu uthenga woyamba. Manijala akangoona "gawo 95" amaganiza za khoti n'kutseka khomo. Adziweni mumtima, akupatseni mphamvu yolemba modekha.

Kuti tione chifukwa chake mawu akuti "mukalimbikira" sakwana, tiyerekeze kampani yogulitsa mbewu, fetereza ndi mankhwala a m'munda, ofesi yake ili ku Down Shops ndipo madepoti ake ali ku Katete ndi ku Chadiza. Manambala ndikutchulawa ndi ongoyerekeza, koma nkhani yake aliyense wogwira ntchito m'mashopu a zaulimi aizindikira. Depoti ya ku Katete akuyendetsa mayi wina, ya ku Chadiza bambo wina. Onse amalandira K6,000 pa mwezi. Onse anauzidwa pakamwa kuti tageti ya chaka ndi K1,000,000, ndipo bonasi ikhoza kufika malipiro a mwezi umodzi.

Pofika pa 31 Disembala, mayi wa ku Katete wagulitsa katundu wa K1,050,000. Koma mwa ndalama imeneyo, K250,000 ndi fetereza amene anapereka pa ngongole ku makopaletivu, movomerezedwa ndi ofesi, ndipo alimiwo adzabweza akakolola ndi kugulitsa, kuyambira cha mu Meyi kupita mtsogolo. Zimene zalowa ku banki ndi K800,000. Bambo wa ku Chadiza wagulitsa K920,000 yokha, koma yonse ndi ya pompopompo, ili ku banki. Ndani walimbikira pamenepa?

Ngati lamulo la bonasi ndi lakuti munthu afike pa tageti yonse potengera malisiti a zogulitsa, mayi uja alandira K6,000 ndipo bambo uja salandira kalikonse, ngakhale wapereka ku kampani ndalama zenizeni zoposa za mnzake ndi K120,000. Ngati lamulo likuwerengera ndalama zolowa ku banki, ndipo bonasi ikukwera molingana ndi pamene munthu wafika, mayi ali pa 80 peresenti, alandira K4,800, bambo ali pa 92 peresenti, alandira K5,520. Ngati lamulo ndi lomwelo la ku banki koma pali mzere wakuti wosafika 90 peresenti salandira, mayi uja abwerera wopanda kanthu ndipo bambo atenga K5,520 yake. Ntchito ndi yomweyo, chaka ndi chomwecho, koma mayi mmodziyo akhoza kulandira K6,000, K4,800, kapena osalandira.

Malamulo atatu onsewa ali ndi nzeru yake, ndipo kampani ili ndi ufulu wosankha limene ikufuna. Chimene ndikukana ndi kusankha lamulo mu Disembala, manambala a aliyense ali kale pa tebulo. Pa nthawi imeneyo wosankha lamulo akudziwa amene lamulolo lim'komere, choncho akusankha munthu. Ngakhale manijala atakhala wolungama chotani, sangathe kudzichotsa m'mutu zimene waona. Ndipo taonani zimene lamulo lolembedwa mu Febuluwale likanasintha. Mayi wa ku Katete akanadziwa kuti ngongole siwerengedwa mpaka itabwezedwa, akanachepetsa kubwereketsa, kapena akanapempha kuti ngongole zimene ofesi yavomereza ziwerengedwe chaka chimene zabwezedwa. Bambo wa ku Chadiza akanadziwa kuti wosafika tageti yonse salandira kanthu, akanaumirira kuti lole ya fetereza wa chiwiri ifike msanga, m'malo mongodikira depoti ili mbee sabata ziwiri alimi akubwerera pakhomo. Kampani nayo ikanapindula, chifukwa anthu ake akanathamangira chimene ikufunadi.

Nawu uthenga umene ndikanalemba ndikanakhala mmodzi wa awiriwa. Ungathe kupita pa imelo, pa kalata yosainidwa, kapena pa WhatsApp ngati ndi mmene mumalankhulirana ndi ofesi.

"Bwana, ndikhulupirira muli bwino. Pa msonkhano wa antchito wa mwezi watha munatiuza kuti chaka chino kudzakhala bonasi yotengera mmene tagwirira ntchito. Ndikuthokoza chifukwa cha zimenezo. Ndikufuna kuika mphamvu zanga pa zimene kampani ikuyembekezera kwa ine, choncho ndikupempha kuti mundithandize ndi mfundo zake zolembedwa. Kodi tageti ya depoti yanga ikuwerengedwa pa zogulitsa zonse kapena pa ndalama zolowa ku banki, nanga ngongole zimene ofesi yavomereza zikuwerengedwa liti? Kodi chaka cha bonasi chikuyamba ndi kutha pa madeti ati? Kodi munthu wofika pafupi ndi tageti amalandira gawo lake, ndipo gawolo limayambira pati? Kupatula zogulitsa, pali zina zimene zikuyezedwa, monga sitoko ndi malipoti, ndipo chilichonse chikulemera bwanji? Pomaliza, kodi bonasi ikudaliranso phindu la kampani yonse, nanga idzaperekedwa mwezi uti? Ngati mfundozi zilipo kale, kope lake lindikwanira. Ngati zikadakonzedwa, ndingasangalale kudziwa tsiku limene zidzatuluke. Ngati n'kotheka, ndikupempha yankho pofika kumapeto kwa mwezi uno, kuti ndikonze dongosolo la depoti nthawi ikadalipo. Zikomo kwambiri, bwana."

Mu uthengawu mulibe dzina la wantchito mnzanu, mulibe za chaka chatha, ndipo mulibe mawu akuti chilungamo. Izi ndazisiya dala. Mukangolemba kuti "chaka chatha auje analandira zambiri kuposa ine", uthenga wasanduka dandaulo, ndipo manijala ayamba kuteteza zimene anachita m'malo moyankha za chaka chino. Mwaikanso mnzanu m'mavuto, chifukwa funso loyamba lidzakhala lakuti munadziwa bwanji zimene analandira. Ngati za chaka chatha zikukupwetekani, zili ndi njira yake, ya kadandaulidwe ija, ndipo zipite pa pepala lina tsiku lina.

Chiganizo chija chokumbutsa za msonkhano chili ndi ntchito yaikulu kuposa mmene chikuonekera. Chikuika m'malemba, ndi nthawi yake, lonjezo limene linali la pakamwa. Manijala akayankha osatsutsa kuti ananenadi, mwapeza kale chinthu chimene munalibe dzulo. Akayankha kuti simunamve bwino, bonasi sinalonjezedwe, mwadziwa mu Marichi chimene mukanadzadziwa mu Disembala, mutalonjeza kale ana nsapato ndiponso mutawerengera ndalamayo pa fizi ya Januwale. Yankho limeneli ndi lowawa, koma ndi labwino kulimva msanga.

Funso la madeti anthu ambiri amalidumpha, pomwe kuno kum'mawa ndi limene limasokoneza kwambiri. Malonda athu amatsata mvula. Mbewu ndi fetereza woyamba zimayenda kuyambira Okutobala mpaka Disembala, fetereza wachiwiri amapitirira mpaka Januwale, ndipo ndalama za alimi zimabwera akagulitsa zokolola pakati pa chaka. Chaka chowerengera chimene chikutha pa 31 Disembala chimadula sizoni pakati: katundu watuluka chaka chino, ndalama yake idzalowa chaka cha mawa. Ogwira ntchito yogula thonje kapena fodya ali ndi vuto lomweli mozondoka, chifukwa ntchito ya alangizi awo, yogawa zipangizo ndi kuyendera minda, imaoneka zipatso zake pa miyezi ya msika, ngongole za alimi zikamadulidwa. Makampani enanso amatseka mabuku awo mwezi wina osati Disembala. Munthu amene sakudziwa madeti awiriwo, loyambira ndi lothera, sakudziwa kuti ntchito yake iti ikuwerengedwa.

Pa funso la zina zoyezedwa m'pamene pamabisala mawu otanuka ngati "khalidwe", "kudzipereka" ndi "mtima wa kampani". Sindikunena kuti zimenezi zilibe ntchito. Wogulitsa amene amafika tageti koma amatukwana makasitomala ndi kubwera mochedwa tsiku ndi tsiku sayenera kulandira zofanana ndi mnzake waulemu. Koma funsani kulemera kwake. Kampani ikanena kuti 70 peresenti ya bonasi ndi zogulitsa, 20 ndi sitoko, ndipo 10 ndi maganizo a manijala pa khalidwe, munthu angakhale nazo mtendere, chifukwa pa K6,000 maganizo a munthu mmodzi akugwira K600 yokha. Ikakhala kuti khalidwe likhoza kufafaniza bonasi yonse popanda chenjezo lililonse lolembedwa chaka chonse, ndiye kuti manambala ena onse aja alibe mphamvu.

Za sitoko zimafunanso kufunsa mwakuya pang'ono. Tinene kuti powerenga katundu ku Chadiza papezeka kuti matumba asanu ndi limodzi a fetereza anyowa n'kuuma gwa chifukwa denga la depoti limadontha. Bambo uja analemba kawiri ku ofesi kupempha malata, osayankhidwa. Kodi matumbawo ndi kusowa kwa sitoko kumene kum'chotsere bonasi? Lamulo lolembedwa bwino limasiyanitsa katundu wosowa popanda chifukwa ndi katundu wowonongeka amene ananenedwa pa nthawi yake, limatchula malire a kusowa kololedwa, ndiponso limanena amene amawerenga sitoko ndi kuti woyang'anira depoti amasaina nawo. Popanda zimenezi, tsiku limodzi lowerenga katundu likhoza kufuta ntchito ya miyezi khumi ndi iwiri.

Funso lomaliza, la phindu la kampani yonse, tinaliphunzira movutikira. Mvula ya 2023 mpaka 2024 inadula pakati, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Chimanga chinauma m'minda yambiri, madzi ku Kariba anatsika, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Chaka chotero mlimi alibe chogulira fetereza, wa chigayo sagaya, ndipo tageti yoikidwa potengera chaka cha mvula yabwino siingafikidwe ndi munthu aliyense. Kampani ikhoza kukhaladi yopanda ndalama ya bonasi, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Cholakwika ndi kuwasiya anthu akuthamanga mpaka Disembala asakudziwa kuti pali chipata china, cha phindu la kampani, chimene chinatsekeka kale mu Juni. Ngati chipata chimenecho chilipo, chilembedwe, ndipo antchito auzidwe pakati pa chaka ngati chili chotseguka. Sikofunika kuti kampani ionetse mabuku ake onse. Kunena kuti "tili pamwamba pa mzere" kapena "tili pansi" n'kokwanira.

Pali zina ziwiri zimene mungawonjezere ngati zikukukhudzani. Mayi amene akuyembekezera afunse mmene tchuthi cha uchembere chikuwerengedwera. Lamulo la 2019 lija limapereka masabata 14, ndipo tchuthi chimenecho chikagwera pa Okutobala mpaka Disembala, miyezi imene depoti imagulitsa kwambiri, tageti ya chaka chonse imakhala yosatheka pokhapokha itachepetsedwa molingana ndi miyezi imene wagwira. Amene analowa ntchito pakati pa chaka, kapena amene kontrakiti yake ikutha bonasi isanaperekedwe, afunsenso chimodzimodzi. China ndi msonkho. Bonasi ndi malipiro, ndipo bungwe lotolera misonkho la ZRA limadulapo msonkho wa pa malipiro wotchedwa PAYE. Pa mitengo ya 2024, ndalama yosapitirira K5,100 pa mwezi sinkadulidwa msonkho, yopitirira pamenepo inkayamba kudulidwa 20 peresenti, ndipo mlingo wapamwamba unali 37 peresenti. Munthu wa K6,000 wadutsa kale mzere woyambawo, choncho pa mitengo imeneyo msonkho wa bonasi ya K6,000 sukanachepera K1,200. Funsani ngati nambala imene yatchulidwa ndi ya msonkho usanadulidwe. Nthawi zambiri ndi choncho, ndipo ambiri amakwiyira abwana pa ndalama imene yapita ku boma.

Tsopano zotsutsa, chifukwa zilipo ndipo zina ndi zolemera. Choyamba ndi mantha, ndipo sindikuwapeputsa. Ntchito mu Chipata ndi yosowa, achinyamata a masatifiketi ali mbwee, ndipo munthu wa kontrakiti ya chaka chimodzi amadziwa kuti amene adzasaine yatsopano ndi yemweyo akumulemberayo. Tinaleredwanso kuti wamkulu akalonjeza mphatso suifunsa kukula kwake. Koma bonasi yomangidwa pa tageti si mphatso. Kampani yaitchula kuti anthu agwire ntchito yoposa ya masiku onse, atsegule depoti Loweruka mpaka madzulo, ayende pa njinga yamoto kukafika ku makopaletivu akutali. Ikugula thukuta lowonjezera, ndipo wogulitsa thukutalo ayenera kudziwa mtengo. Komabe, ngati mukudziwa kuti manijala wanu ndi wa mtima wapachala, musalembe nokha. Oyang'anira madepoti onse asaine uthenga umodzi, kapena upite kudzera kwa woimira yuniyoni ngati ilipo, kapena kwa a ofesi yoona za antchito. Funso la anthu asanu limaoneka ngati la ntchito, pomwe la munthu mmodzi ena amalitenga ngati mwano. Ndipo yambani mwalankhula nawo pamaso: "Bwana, ndikufuna ndikulembereni kauthenga kofunsa za bonasi ija, kuti ndisaiwale zimene mundiuze." Akatero sadzidzimuka uthengawo ukafika.

Chotsutsa chachiwiri chimachokera kwa mamanijala, ndipo ndi chimene ndimachilemekeza kwambiri. Amati ukalemba lamulo, anthu amagwirira ntchito lamulolo osati kampani. Ukati bonasi ndi ya zogulitsa, wina amabwereketsa fetereza kwa aliyense wodutsa, ngakhale amene akudziwika kuti sabweza. Ukati ndi ya ndalama za ku banki, wina amakana ngongole ngakhale kwa kopaletivu imene yakhala ikubweza zaka zonse, n'kuipereka kwa opikisana nawo. Wina amakankhira malonda a Januwale mu Disembala. Zonsezi zimachitika. Koma mankhwala ake ndi kulemba lamulo mwanzeru, osati kulibisa. Lembani kuti zogulitsa zimawerengedwa, koma ngongole yosabwezedwa pofika tsiku lakuti idzachotsedwa, ndipo gawo la bonasi lidzadikira tsiku limenelo. Siyani gawo laling'ono la maganizo a manijala, litchulidwe poyera. Lamulo lobisika silithetsa machenjerero. Anthu amangosiya kuchenjerera manambala n'kuyamba kuchenjerera manijala mwiniwake: kumusekerera, kum'bweretsera nkhuku, kumuuza za anzawo. Kampani ikhoza kugwira wobwereketsa mosasamala poyang'ana mabuku, koma kukondera kotereku sikuoneka m'buku lililonse.

Ndiponso pepala limateteza manijala. Ambiri a iwo kuno sasankha okha kukula kwa bonasi. Ndalama imatsika kuchokera ku likulu ku Lusaka kapena kwa mwini kampani, iwo n'kuuzidwa kuti agawe. Kenako ndi iwo amene amakumana ndi antchito okwiyawo ku msika wa Kapata, ku tchalitchi ndi ku maliro. Manijala amene ali ndi mfundo zolembedwa amangotsegula pepala n'kuwerengera limodzi ndi wodandaulayo. Amene alibe amasenza yekha mlandu wa tsankho, ngakhale pamene sanakondere. N'chifukwa chake uthenga uja uli ndi chiganizo chakuti "ngati zikadakonzedwa, ndingasangalale kudziwa tsiku". Chikumupatsa potulukira mwaulemu ngati mfundozo kulibe, ndiponso chikumupatsa chinthu choti atumize kwa akuluakulu ake, kunena kuti anthu anga akufunsa, ndiwayankhe chiyani.

Yankho limene mulandire likuuzani zambiri. Likabwera ndi manambala, madeti ndi kulemera kwa chilichonse, liwerengeni ndi zotsatira zanu za chaka chatha kuti muone ngati mukulimvetsa. Ngati simungathe kutulutsa nambala ya kwacha pogwiritsa ntchito pepalalo ndi malipoti a depoti yanu, ndiye kuti pali chimene chasiyidwa, ndipo funsani chimenecho chokha. Likabwera ndi mawu okoma opanda nambala, monga akuti "timayang'ana zinthu zambiri", thokozani n'kufunsa funso limodzi laling'ono: mwa zinthu zambirizo, zitatu zazikulu ndi ziti? Munthu amene wakana pepala lonse kawirikawiri amayankha funso limodzi.

Chofala kwambiri ndi chakuti abwana amakuitanani mu ofesi n'kukufotokozerani zonse pakamwa, bwinobwino, mwina ndi tiyi yemwe. Musakane, ndipo musaumirire pepala pomwepo. Mverani, lembani m'kabuku, ndipo tsiku lomwelo tumizani uthenga wachiwiri: "Bwana, zikomo chifukwa cha nthawi yanu lero. Kuti ndisalakwitse, mmene ndamvera ndi motere: tageti ndi K1,000,000 ya ndalama zolowa ku banki kuyambira pa 1 Januwale mpaka pa 31 Disembala, bonasi imayambira pa 80 peresenti, ndipo katundu wowonongeka amene tanena ku ofesi sawerengedwa ngati wosowa. Ngati pali pamene ndamva molakwa, chonde mundikonze." Uthenga wotere si kontrakiti, ndipo musadzinamize kuti wamanga kampani manja. Koma ndi umboni wa deti lake wa zimene zinanenedwa, ndipo manijala amene anauwerenga osaukonza zimamuvuta kudzanena zina mu Disembala. Sungani kope kunja kwa foni kapena kompyuta ya kampani, chifukwa zimenezo amalanda tsiku limene munthu wachoka ntchito.

Mukalemba, mukakumbutsa kamodzi patatha masabata awiri, koma kuli zii, musalembe kachitatu mokalipa. Gwirani ntchito imene kontrakiti yanu ikunena, ndi mtima wonse, ndipo pitirizani kusunga manambala a depoti yanu mwezi ndi mwezi: zogulitsa, zolowa ku banki, ngongole zovomerezedwa ndi amene anazivomereza, masiku amene katundu anatha ndi tsiku limene munapempha wina. Bonasiyo muichotse pa bajeti ya pakhomo, ndipo musatenge kaloba kapena katundu wa pa ngongole moiwerengera. Pa msonkhano wotsatira wa antchito, bonasi ikatchulidwanso, imikani dzanja ndi kufunsa pamaso pa onse, mwaulemu womwewo, kuti mfundo zake zolembedwa zituluka liti, ndipo pemphani kuti yankholo lilowe m'maminitsi a msonkhanowo.